Kupempha kwa Bwana Mosalamula: Kagwiritsidwe Ntchito ka -nga-, -ka-, -ta- ndi -kana-

Tiyerekeze kuti mumagwira ntchito mu holoselo ina ku Limbe, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Mayi anu akubwera kuchokera ku Thyolo kudzaonana ndi dokotala ku Gulupu, ndipo wowaperekeza palibenso wina koma inu. Mukufuna masiku atatu: Lachinayi, Lachisanu ndi Loweruka. Wokulolani ndi manijala.

Zoti mukanene mukuzidziwa kale. Pamene pamakhota nyani mchira ndi pa mneni, chifukwa mneni yemweyo, -patsa kapena -lola, akhoza kutuluka ngati lamulo, ngati funso, ngati dandaulo, mwinanso ngati chitonzo, malingana ndi timaphatikizo tiwiri kapena titatu timene mwamuveka. Malangizo ali m'munsimu akutsatira pempho limodzili kuyambira lili louma mpaka litapsa. Mfundo yoyendetsa zonse ndi iyi: chofewetsa ndi mneni yekha, koma chimene mukupempha, kuchuluka kwake ndi tsiku lake zisiyeni zili zolimba.

Choyamba: konzani pempho louma

Musanaganize za ulemu, nenani mumtima chiganizo chimodzi chopanda zokometsera: "Ndipatseni masiku atatu, Lachinayi mpaka Loweruka, ndibwera Lolemba." Chiganizochi simukachinena kwa bwana. Ntchito yake ndi yoti mukamaliza kufewetsa muone ngati zinthu zitatu zija zikadalimo: chopemphacho, masiku ake, ndi tsiku lobwerera. Anthu ambiri akayamba kuzungulira ndi ulemu amataya chimodzi mwa izi, ndipo amatuluka mu ofesi atalonjezedwa "tiona" pa nkhani imene bwana sanaimve n'komwe.

Chachiwiri: onani agwirizanitsi

Apa sitichedwapo, poti aliyense woyankhula Chichewa amadziwa kuti wamkulu ndi inu, si iwe. Koma pali malo awiri amene lilime limaterereka.

Oyamba ndi pamene wamkuluyo ali wochitiridwa ntchito mu mneni. Pamenepo -ku- yekha sakwana, amafuna -ni kumapeto. "Ndikukupempha" ndi mawu a kwa mwana kapena mnzanu wa ku ubwana. Kwa bwana ndi "ndikukupemphani", "ndimafuna ndikuoneni", "ndidzakuuzani". Mneni akatalika, -ni ameneyu ndiye amayamba kugwa, makamaka munthu akamayankhula mothamanga ndi mantha. Koma mneni akayamba ndi mu-, monga "mungandilole", ulemu wanyamulidwa kale ndi mu- ameneyo, ndipo -ni safunikanso.

Achiwiri ndi posankha pakati pa "inu" ndi "iwo". Pali ulemu wina woposa, woyankhula ndi munthu ngati mukunena za wina: "Kaya abwana ali ndi mpata?", "Amfumu angatimvereko?" Kwa mfumu, apongozi kapena munthu wachikulire kwambiri, zimenezi zimakhala bwino. Kwa manijala wa msinkhu wanu amene mumaseka naye pa nkhomaliro, zikhoza kumveka ngati mukumusereula kapena mukufuna kumugula ndi pakamwa. Mu holoselo yathuyi "bwana" ndi "mu-" n'zokwanira. Akakhala mayi, "madamu" kapena "mayi", malingana ndi mmene anthu a pamalopo amawatchulira kale. Tsiku lopempha si tsiku loyambitsa dzina latsopano.

Chachitatu: sandutsani lamulo kukhala funso

Taonani masitepe awa:

Ndipatseni masiku atatu.
Mundipatse masiku atatu.
Kodi mungandipatse masiku atatu?

Choyambacho ndi lamulo, ngakhale chili ndi -ni. Ulemu wa -ni umangosonyeza kuti mukulamula munthu wamkulu, sulichotsa lamulolo. Chachiwiri ambiri amachiyesa chofewa, koma nachonso chimatuma. Ndi mmene bwanayo amakuuzirani inu kuti "mutseke kumbuyoko mukamachoka". Chachitatu ndicho chasintha zinthu, chifukwa -nga- wachotsa nkhaniyo pa zimene bwana ayenera kuchita n'kuiika pa zimene zingatheke. Munthu amene wafunsidwa ngati chinthu chingatheke ali ndi mpata wokana popanda kuoneka wouma mtima, ndipo kumupatsa mpata umenewo ndiye ulemu weniweni wa pempho. Bwana amene waona kuti sanapanikizidwe amavomera mosavuta kusiyana ndi amene waona kuti amuikira mawu m'kamwa.

Kamangidwe kake n'kosavuta: mu-, kenako -nga-, kenako -ndi- ngati wochitiridwa ndinu, kenako muzu wa mneni, ndipo kumapeto lembo e. Mu-nga-ndi-lol-e. Mu-nga-ndi-pats-e. Lembo lomalizali lisakhale a: "mungandipatsa" si Chichewa. Mukafuna kutalikitsa pang'ono mukhoza kunena "mungathe kundilola", koma samalani ndi -tha pa zinthu zokhudza mphamvu za bwanayo. "Kodi mungathe kusaina fomuyi?" kwa munthu wokhudzika msanga zimamveka ngati mukukayikira ngati udindo wake ukufika pamenepo.

Pali misampha iwiri pa -nga-. Woyamba ndi wakuti phatikizo lomweli limachenjezanso. Mayi akauza mwana kuti "tsika, ungagwe", palibe chimene akupempha. Choncho chiganizo chokhala ndi -nga- chiyenera kumveka kuti ndi funso. Pakamwa, mawu amakwera kumapeto. Polemba, ikani "kodi" kapena "kaya" kumayambiriro ndi chizindikiro cha funso kumapeto. Uthenga wa pa foni wongoti "Mungandipatse masiku atatu." wopanda zimenezi umamusiya wowerenga akudabwa ngati mukufunsa kapena mukumuuza zochita.

Msampha wachiwiri ndi -ngo-, amene amasiyana ndi -nga- pa lembo limodzi lokha koma amapita kwina. "Mungasaine apa?" ndi pempho. "Mungosaina apa" ndi kuuza bwana kuti asawerenge, asafunse, ntchito yake ndi kugwira cholembera basi. Phatikizo la -ngo- limachepetsa chinthu, ndiye liikeni pa mneni wanu: "ndimangofuna kudziwa", "ndangodzera kudzafunsa". Pa mneni wa bwana lisapezeke.

Nanga "simungandilole?" Funso lokanira ngati ili limagwira ntchito pamene mwakambirana kale ndipo mukunyengerera komaliza: "Simungandiloleko ngakhale awiri okha?" Kuyamba nalo si bwino, chifukwa limamveka ngati mwabwera mutaganiza kale kuti akukanizani.

Chachinayi: -ko ndi msintho womuchitira

Kuphatika -ko kumapeto kumachepetsa kulemera kwa pempho: "Kodi mungandiloleko?", "Mungandithandizeko?" Amatero chifukwa tanthauzo lake ndi la kupatula pang'ono pa chinthu chachikulu, monga mmene timanenera kuti "idyaniko" kapena "ndigawireniko". Ndi phatikizo laling'ono koma limagwira ntchito yaikulu, moti nthawi zambiri -nga- ndi -ko okha amakwana pa pempho la tsiku ndi tsiku, monga kubwereka cholembera kapena kupempha kutulukako kanthawi.

Tanthauzo la kupatula lija limakhalabe ndi moyo, ndipo apa ndi pamene limaluma. Mukanena kuti "mungandipatseko malipiro anga a mwezi watha?" mwatsegula khomo loti akupatseni theka. Pa chinthu chimene mukufuna chathunthu, -ko achoke, kapena asamukire pa mneni wina: "Mungandithandizeko pa nkhani ya malipiro a mwezi watha? Sindinalandire onse, yatsala K45,000." Apa kufewa kuli pa -thandiza, ndalamazo zatchulidwa zonse. Pa masiku athu aja n'chimodzimodzi. "Mungandipatseko masiku?" yankho lake likhoza kukhala tsiku limodzi. "Mungandiloleko kuchoka masiku atatu?" mwasunga nambala.

Ngati bwana akuchitirani chinthu, mneni avale -ir- kapena -er-. Muzu wokhala ndi a, i kapena u umatenga -ir-, wokhala ndi e kapena o umatenga -er-: mungandisainireko, mungandilembereko, mungandionereko. Kuiwala msinthowu kumasintha nkhani yonse. "Mungandilembereko kalata?" mukupempha kalata. "Mungandilembe?" mukupempha ntchito.

Chachisanu: ikani pempho m'manja mwa bwana ndi -ka-, -ta- kapena -kana-

Gawo ili ndilo lofunika kulidekhera. Maphatikizo atatuwa onse amamangirira chinthu china pa chinzake, kuti ichi chichitike pokhapokha icho chitachitika. Koma sayima pa mtunda umodzi, ndipo kusankha molakwa kumamveka msanga.

Loyandikira kwambiri ndi -ka-. "Mukandilola, ndinyamuka Lachinayi m'mawa." Phatikizo limeneli limanena za chinthu chimene mukuyembekezera kuti chichitika, nthawi yokha ndiyo isanakwane, monga "mvula ikagwa tidzala". Ndiye mukaliika pa chilolezo chenichenicho, mumamveka ngati mwawerengera kale kuti avomera. Malo ake abwino ndi pa zinthu zimene zichitike ndithu, monga mpata wa bwana kapena kutha kwa ntchito imene akugwira: "Mukapeza mpata, mungandionereko fomu ija?", "Mukamaliza ndi alendowa, ndimafuna ndikuoneni." Pamenepa -ka- akupereka nthawi m'manja mwa bwana, ndipo ndi ulemu waukulu.

Chenjerani ndi lembo lomaliza. -ka- wa "ngati" kapena "pamene" amathera ndi a. Akathera ndi e ndi -ka- wina, wotuma munthu kuti apite kwina akachite chinthu. "Mukasaina fomuyi, ndikaipereka ku ofesi ya malipiro" ndi chiganizo chabwino. "Mukasaine fomuyi" mwamutuma bwana ngati mesenjala. Pakamwa kulakwitsa kotere n'kosowa, koma pa foni, chala chikaterereka, uthenga umapita uli choncho. Werenganinso mneni aliyense woyamba ndi "muka-" musanatumize.

Lapakati ndi -ta-. "Mutandilola, ndingapite nawo Lachinayi." Apa mwanena chilolezocho ngati chinthu chongoganizira, chimene chikhoza kuchitika kapena ayi. Simunawerengere kalikonse. N'chifukwa chake pa mtima wa pempho, pamene pali chinthu chimene bwana akhoza kukana, -ta- ndiye woyenera kuposa onse. Amayenda bwino ndi mawu ngati awa: "Zingandithandize kwambiri mutandilola...", "Ndingathokoze mutandiganizira...", "Zingakhale bwino mutaionako lero." Onetsetsani kuti mbali inayo ya chiganizo ili ndi -nga-, -khoza kapena -tha. Chifukwa chake n'chakuti -ta- alinso ndi ntchito ina, yofotokoza zimene zinachitika kale: "Mutachoka, kunabwera galimoto ya shuga." Chimene chimamuuza womvera kuti mukupempha osati kusimba nkhani ndi mneni wa mbali inayo.

Lakutali kwambiri ndi -kana-, amene ena amati -kada-, ndipo onsewo ndi amodzi. Ntchito yake yeniyeni ndi kunena zimene sizinachitike: "Mvula ikanagwa, tikanadzala." Polipititsa ku pempho, munthu amakhala ngati akunena kuti chimene akufunacho akudziwa kuti n'chapatali. "Ndikanakonda mutandilola masiku atatu." Pa mneni wanu, monga "ndikanakonda" kapena "ndikanapempha", phatikizoli ndi lotetezeka ndipo limamveka mwaulemu kwambiri.

Pa mneni wa bwana ndi nkhani ina. Anthu amanenadi kuti "mukanandithandizako, bwana", ndipo nkhani ikakhala ya m'tsogolo limakhala pempho lodzichepetsa. Koma pakangokhala kanthu kena kamene kanachitika kale pakati panu, chiganizo chomwecho chimasanduka mlandu. Ngati mwezi watha munapempha tchuthi n'kukanizidwa, "mukanandilola" amveka kuti "munalakwa kundikaniza". Njira yake ndi kumangirira tsiku la m'tsogolo pomwepo, "mukanandilolako Lachinayi likubwerali", kapena kungobwerera ku -ta-, amene alibe vuto limeneli. Mudziwa kuti mwaponda pamenepa bwana akayamba kufotokoza zifukwa za chigamulo chakale mmalo moyankha za lero.

Mbali ziwiri za chiganizo zigwirizane. -ka- amayenda ndi mneni wa zochitikadi: mukandilola, ndibwera Lolemba. -ta- amayenda ndi -nga-: mutandilola, ndingabwere Lolemba. -kana- wa pa mneni wa bwana amayenda ndi -kana- mnzake: mukanandilola, ndikanabwera Lolemba. Onani kuti chomalizachi, chikakwanira mbali zonse ziwiri, si pemphonso ayi. Ndi kudandaula za mwayi umene wapita.

Palinso "ngati", amene ndi wosavuta: "ngati n'kotheka", "ngati palibe chovuta", "ngati ntchito ilola". Mmodzi amakwana. Ubwino wa "ngati n'kotheka" ndi wakuti satchula munthu. Bwana akakana, chakana ndi kutheka kwa zinthu, osati iye.

Chachisanu ndi chimodzi: polowera

Pempho silimayamba ndi pempho. Mukagogoda, mukati "odi" kapena "zikomo", mukapereka moni, pamafunika chiganizo chimodzi chochenjeza kuti mwabwera ndi nkhani. Apa Chichewa chimabwezera mneni m'mbuyo pang'ono. Mmalo mwa "ndikufuna kukuonani" timati "ndimafuna ndikuoneni". Mmalo mwa "ndikupempha" timati "ndimati ndipemphe". Kufunako kukadalipo, koma mwakunena ngati kunali kwa poyamba paja, ngati ganizo limene mukhoza kulisiya bwana akakhala wotanganidwa. "Ndikufuna" ndi mawu ouma kwa wamkulu, ndipo ana amadzudzulidwa nawo kunyumba pa chifukwa chomwechi.

Pakamwa, "ndimafuna" wa pempho amasiyana ndi "ndimafuna" wa chizolowezi pa kakwezedwe ka mawu: wa chizolowezi amayamba mokweza pa ndi-, wa pempho amayamba motsika. Polemba kusiyanaku sikuoneka, koma mneni wotsatira wothera ndi e, monga "ndikuoneni" kapena "ndipemphe", amaonetsa tanthauzo.

Nanga "chonde"? Ameneyu ndi wolemera kuposa mmene ambiri amamugwiritsira ntchito m'makalata. Ndi mawu ochonderera, a munthu amene zamuthina. Kumuika patsogolo pa lamulo sikulisandutsa pempho: "chonde ndipatseni masiku atatu" ndi lamulo lokhala ndi misozi. Musungeni kuti atuluke kamodzi, pamene pavutadi. Chimodzimodzi ta- wa "tandiuzani", "tabwerani": ndi wofewa pakati pa anthu ozolowerana, koma kwa bwana amamveka ngati mukumufulumizitsa.

Chachisanu ndi chiwiri: lumikizani, kenako chotsani zochuluka

Tsopano pempho lonse likhoza kuyenda motere, Lolemba masana kasitomala atachepa, osati Lachitatu madzulo bwana atanyamula kale makiyi:

"Zikomo bwana, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera, kaya inu?"

"Ndaswera bwino. Ndimati ndikuoneni pang'ono, ngati muli ndi mpata."

"Nenani."

"Mayi anga akubwera kuchokera ku Thyolo, ali ndi tsiku loonana ndi dokotala ku Gulupu Lachinayi, ndipo wowaperekeza ndine ndekha. Zingandithandize kwambiri mutandilola kuchoka masiku atatu, Lachinayi mpaka Loweruka. Lolemba m'mawa ndidzakhala ndili pano. Katundu wobwera Lachisanu ndakambirana kale ndi anzanga a ku sitoko, avomera kulandira ngati inu mungavomereze."

Tawerengani zofewetsa zimene zili mu pempho lenilenilo: "zingandithandize" ndi "mutandilola". Ziwiri basi. Chifukwa chanenedwa m'chiganizo chimodzi, mosalira. Ndipo taonani mneni wa lonjezo: "ndidzakhala ndili pano". Alibe -nga-, alibe "mwina". Ichi n'chimene ambiri amalakwitsa akazolowera kufewetsa, amafewetsa ndi malonjezo omwe. "Ndingabwere Lolemba" pamalo amenewa akumuuza bwana kuti mwina simubwera. Zimene mukupempha zikhale mu -nga- ndi -ta-, zimene mukulonjeza zikhale mu -dza-. Taonaninso mapeto ake: zimene mwakonza ndi anzanu mwazibwezera m'manja mwa bwana ndi "ngati inu mungavomereze", kuti zisaoneke ngati mwagawa kale ntchito iye asakudziwa.

Yerekezani ndi ili: "Pepani bwana, kaya mwina ngati n'kotheka, ndimati mwina ndikanapemphako kuti kapena mutandiganizirako pang'ono pa nkhani ya mayi." Zofewetsa zaunjikana mpaka pempho lamira, ngati ndiwo zothiridwa madzi ambiri. Mulibe masiku, mulibe tsiku lobwerera. Bwana akamva zotere amaganiza chimodzi mwa ziwiri: mukufuna ndalama, kapena pali chimene mukubisa. Chizindikiro chakuti mwapyola muyeso ndi funso lakuti "ndiye mukufuna chiyani kwenikweni?" Mukalimva, musawonjezere ulemu wina. Bwererani ku chiganizo chouma chija, muchiveke -nga- yekha: "Kodi mungandilole kuchoka Lachinayi mpaka Loweruka?"

Muyeso wake ungakhale uwu. Pa kanthu kakang'ono, -nga- ndi -ko. Pa chinthu chosokoneza ntchito, monga tchuthi chadzidzidzi kapena kusintha shifiti, mawu olowera ndi -ta-. Pa chinthu chachikulu chimene bwana alibe chifukwa chokuchitirani, monga ngongole kapena kukulemberani kalata yokuchitirani umboni kwina, "ndikanakonda" kapena "ndikanapempha" pamodzi ndi -ta-.

Polemba kalata kapena uthenga

M'kalata mawu sakwera kapena kutsika, nkhope sioneka, ndiye mneni amanyamula zonse yekha. Msintho wochitidwa umathandiza, chifukwa umachotsa chala cholozera bwana: "Ndikupempha kuti ndiloledwe kuchoka masiku atatu." Mwanena za inu wololedwa, osati za iye wolola. Lamulo la malembo ndi lomwe lija: -idw- pa a, i, u, ndipo -edw- pa e, o, monga ndipatsidwe, ndiganiziridwe, ndiloledwe. M'kalata "ndikupempha" ndi woyenera. "Ndimati ndipemphe" ndi wa pakamwa, papepala amaoneka wozengereza.

Msinthowu ndi wofunika kwambiri pa pempho loti chinthu chisachitike. "Musandidule malipiro" ndi kuletsa, ndipo wamng'ono saletsa wamkulu. "Ndikupempha kuti masiku amenewa achotsedwe pa tchuthi changa, malipiro asadulidwe" wanena zomwezo popanda "musa-". Pewaninso -zi- ndi -yenera pa mneni wa bwana. "Muzitiuza msanga" ndi "muyenera kutiuza" ndi mawu ophunzitsa munthu khalidwe. Ngati nkhaniyo ndi yofunika kunenedwa, itembenuzeni: "Zingatithandize mutamatiuza kukadali nthawi."

Bwana akayankha

Akavomera, thokozani ndipo bwerezani masikuwo mu mneni wolimba kuti pasakhale kusamvana: "Zikomo kwambiri bwana. Ndiye ndichoka Lachinayi, ndidzabwera Lolemba." Apa -nga- ntchito yake yatha.

Akati "tiona", funsani nthawi, ndipo funsolo ligwere pa inu: "Ndingadzabwerenso liti kudzamva?" Tsikulo likafika, samalani ndi -nga- wochenjeza uja. "Ndimati ndikukumbutseni, mungaiwale" ndi chiganizo chimene chimatuluka chokha pakamwa, koma mwamuuza bwana kuti ndi woiwalaiwala. Nenani kuti "ndimati ndimveko za nkhani ija ya Lachinayi". Nayenso "paja munati" ndi wofunika kumugwira bwino: "paja munati ndibwere lero" ali bwino chifukwa mukumvera zimene ananena, koma "paja munati mundilola" ndi kumugwira pakhosi ndi mawu ake.

Akakana, -kana- pa mneni wa bwana asayandikire n'komwe, chifukwa tsopano chakale chilipo ndipo "mukanandilola" ndi mlandu weniweni. Chepetsani pempho, mubwerere ku -ta-: "Nanga mutandilola Lachinayi lokha, tsiku loonana ndi dokotala, Lachisanu n'kubwera?" "Nanga" amatsegula khomo lina popanda kutsutsa yankho loyamba.

Pamene kufewetsa kuyenera kuchepa

Si chilichonse chopita kwa bwana chimene chili chifundo. Ku Malawi, lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limapatsa wogwira ntchito masiku 6 pa sabata tchuthi cholipidwa cha masiku osachepera 18 pa chaka, ndipo wa masiku 5 pa sabata masiku osachepera 15. Ngati masiku atatu aja mukuwatenga pa tchuthi chimenechi, tchuthicho si mphatso. Chofunika kugwirizana ndi bwana ndi nthawi yochitengera. Ndiye kufewa kupite pa masiku, osati pa tchuthi: "Ndili ndi masiku 12 otsala pa tchuthi changa. Kodi mungandilole kutengapo atatu sabata ino?" Chiganizo choyamba chilibe chofewetsa chilichonse, ndipo sichifunika. Mukanena kuti "ndikanakonda mutandiganizirako katchuthi", mwasandutsa chinthu chanu kukhala chopempha, ndipo chaka chamawa mudzachipemphanso chimodzimodzi.

Pa ngozi kufewetsa kumachokeratu. Katoni ikamagwa kuchokera pamwamba pa shelefu bwana ali pansi pake, mawu ndi "chokani!" Waya akamatulutsa utsi, "zimitsani!" Ulemu wonse wofunika pamenepo uli mu -ni, ndipo "kodi mungasunthireko uko?" amatha katoni itafika kale pamutu.